Botolo limodzi, maola 31: kodi magazi a wodwalayu alidi ndi tizilombo?

Pa chipatala chaching'ono cha Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, munthu wotentha thupi amayezedwa malungo ndi kachipangizo kobaya chala, ndipo yankho limatuluka asanadzuke pabenchi. Vuto limayamba malungo akapanda kupezeka koma thupi nkumangotenthabe. Wodwala wotere amatumizidwa ku chipatala cha pa boma, ndipo ena matenda akakula amapitirira mpaka ku Gulupu mumzinda wa Blantyre. Kumeneko magazi ake amathiridwa m'botolo lokhala ndi msuzi wodyetsera mabakiteriya, ntchito imene azachipatala amaitcha kalicha ya magazi. Botololo limalowetsedwa m'makina ofunda madigiri 35 mpaka 37, amene amaligwedeza usana ndi usiku nkumaliwerenga mphindi 10 zilizonse. Tizilombo tikamadya msuziwo timatulutsa mpweya wa kabonidayokisaidi, kachizindikiro kapansi pa botolo kamasintha mtundu, makina nkulira. Akapanda kulira masiku asanu, pepala limalembedwa kuti palibe chamera. Akalira, makinawo amasunga nambala ya maola amene adutsa chilowetsereni botolo. Nambala imeneyi ikukopa madokotala ambiri chifukwa ndi yosavuta kuigwira: botolo lalira msanga, matenda ndi enieni, lachedwa, ndi litsiro chabe. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti maolawo ndi umboni ndithu, koma ndi wachitatu pamzere, pambuyo pa dzina la kachilombo ndi thupi la wodwala, ndipo kwa munthu wochokera kutali ngati ku Chambe umboniwo umafooka kuposa mmene mabuku akunja amanenera.

Kukula kwa vutoli kuno kwathu kuli ndi manambala ake. Kuyambira 1998, labotale ya Malawi-Liverpool-Wellcome yakhala ikuyeza magazi a odwala otentha thupi ogonekedwa ku Gulupu, ndipo mu 2017 a Patrick Musicha ndi anzawo adasindikiza zimene zidapezeka mpaka 2016 m'magazini ya Lancet Infectious Diseases. Mwa makalicha 194,539, tizilombo todwalitsadi tidapezeka 29,183, kutanthauza pafupifupi 15 mwa 100 aliwonse. Koma mabotolo amene adamera tizilombo tolowerera, tochokera pakhungu kapena pa zipangizo osati m'magazi, adali pafupifupi 19 mwa 100. Choncho makina akalira, mwayi woti chamera ndi cholowerera udali waukulu kuposa woti ndi matenda. Muyezo umene malabotale a dziko lonse lapansi amatsata ndi wakuti mabotolo odetsedwa asapitirire 3 mwa 100, ndipo kumene ntchito ikuyenda bwino akulimbikira kutsika mpaka 1. Pali chinanso. M'mayiko olemera wodwala wamkulu amatengedwa magazi kawiri kapena katatu, pamalo osiyana, mabotolo awiri ulendo uliwonse. Ku Blantyre chizolowezi chakhala botolo limodzi lokha, chifukwa mabotolowa ndi odula ndipo amachokera kunja. Njira yodalirika kwambiri yosiyanitsira, yoona ngati kachilombo komweko katuluka m'mikono yonse iwiri, dokotala wa kuno nthawi zambiri sakhala nayo. N'chifukwa chake maso amathamangira ku maola.

Koma poyambira ndi dzina. Pali tizilombo timene tikapezeka m'magazi sipakhala zokambirana, kaya botolo ndi limodzi, kaya lalira mochedwa. *Salmonella* Typhi sakhala pakhungu la munthu kudikira singano. Akamera, wodwalayo ali ndi taifodi, matenda amene ku Gulupu adakwera kuchoka pa anthu 14 pachaka 2011 isanafike kufika pa 843 mu 2013. N'chimodzimodzi *Salmonella* Typhimurium ndi Enteritidis, amene amakonda kulowa m'magazi a anthu a HIV ndi a ana osowa zakudya m'thupi kapena ongochira kumene malungo. *Escherichia coli*, *Klebsiella pneumoniae*, *Streptococcus pneumoniae* woyambitsa chibayo. Ndi mafangasi monga *Cryptococcus* ndi *Candida*. Mbali inayi kuli nzika za pakhungu ndi m'fumbi: *Micrococcus*, *Corynebacterium*, *Bacillus*, ndi gulu lalikulu limene pepala la labotale limalifupikitsa kuti CoNS, abale a *Staphylococcus* amene saundanitsa madzi a magazi akayesedwa. Kafukufuku wa a Melvin Weinstein ndi anzawo ku America, wofalitsidwa mu 1997, adapeza kuti *E. coli* adali matenda enieni pafupifupi nthawi zonse, *Staphylococcus aureus* pa 87 mwa 100, pamene CoNS adali enieni pa 12 okha mwa 100. Palibe nambala ya maola imene ingasunthe maganizo a dokotala mtunda wautali ngati umene ulipo pakati pa 12 ndi 87. Ndipo pa *S. aureus*, ngakhale pakutsala 13 ija, lamulo la pawodi ndi kumutenga ngati weniweni, chifukwa akaphonyedwa amakakhazikika m'mavavu a mtima, m'mafupa ndi m'msana.

Chovuta ndi chakuti dzinalo silibwera tsiku lomwelo. Makina akalira, wa mu labotale amadontheza msuzi pagalasi, kuupaka utoto wa Gram, nkuyang'ana pa maikulosikopu. Tizilombo tofiirira tooneka ngati timitengo kawirikawiri timakhala ta banja la *Salmonella*, *E. coli* ndi *Klebsiella*, ndipo foni yake iyenera kuimbidwa nthawi yomweyo. Koma akaona timipira tofiirira moderako, tounjikana m'magulumagulu, sangathe kunena ngati ndi *S. aureus* wakupha uja kapena CoNS wapakhungu, popeza pagalasi amafanana ndendende. Ayenera kuwadzala pambale, kudikira usiku wonse kuti amere, kenako kuwayesa ndi kowagulezi. Pa tsiku limodzi kapena awiri odikirawa ndi pamene maola amakhala ndi ntchito yeniyeni.

Tiyeni tione chitsanzo chongoyerekeza, koma cha mtundu umene mawodi athu amaudziwa. Bambo wa zaka 34 wa kufupi ndi Chambe, amene ali ndi HIV koma adasiya kumwa ma ARV, wakhala akutentha thupi sabata zitatu, waonda, ndipo malungo sadapezeke. Wafika ku Gulupu Lolemba. Magazi atengedwa 2:10 masana, botolo lalowa m'makina 3 koloko, ndipo wayamba kulandira jakisoni wa sefitiriyakisoni. Makina alira Lachiwiri 10 koloko usiku, ndiye kuti maola 31. Apa pali msampha woyamba: uthenga wafika pawodi Lachitatu m'mawa, ndipo wowerenga maola kuyambira Lolemba mpaka pamene foni yaimbidwa apeza 42 kapena kuposa. Nambala yoyenera ndi imene makina adasunga, ndipo nthawi zambiri imafunika kuifunsa, chifukwa si mapepala onse amene amailemba. Uthengawo ukuti timipira ta m'magulu. *S. aureus* amene alidi m'magazi kawirikawiri amaliza makina maola 24 asanakwane, nthawi zambiri chapakati pa 10 ndi 18, choncho 31 ikupendekera ku cholowerera. Kupendekerako sikokwanira kuti dokotala atseke faelo. Ayenera kubwerera pabedi ndi kufunafuna khomo limene *Staphylococcus* akadalowera: chithupsa, bala lotukusira, mfundo yotupa, malo opweteka pamsana, kanyula yofiira m'mbali, kapena phokoso lachilendo mumtima. Bamboyu alibe chilichonse mwa izi. Alibe chubu cholowa mumtsempha waukulu, vavu yoikirira, kapena chitsulo m'fupa, zimene ndi malo amene CoNS amamatirirako. Thupi likutenthabe monga lidalili Lolemba.

Chochita chanzeru Lachitatu limenelo ndi kutenganso magazi, padzanja lina, khungu litatsukidwa bwino, ngakhale kuti mankhwala adayamba kale ndipo angachepetse mwayi woti chinachake chimere. Lachinayi kowagulezi watuluka wosaundana: ndi CoNS. Lachisanu botolo lachiwiri lakwanitsa maola 48 lili zii. Tsopano zinthu zinayi zikuloza kumodzi: dzina la nzika ya pakhungu, thupi lopanda khomo kapena chipangizo, botolo lachiwiri losamera, ndi maola ochedwa. Maolawo ndi amene ali opepuka pa zonsezi, ndipo akadachotsedwa chigamulo sichikadasintha. Phindu lalikulu la chigamulochi ndi funso limene chikubwezeretsa patebulo: ngati si CoNS, chikumutenthetsa bamboyu n'chiyani? Kwa munthu wa HIV amene chitetezo chatsika kwambiri, yankho lofala ndi TB yofalikira thupi lonse, imene siimera m'botolo wamba m'masiku asanu. Kuyeza mkodzo ndi kachipangizo ka LAM kumatenga mphindi 25, ndipo kafukufuku wa STAMP, amene adachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi china ku South Africa nkufalitsidwa mu 2018, adaonetsa kuti kuyeza mkodzo kumapeza TB yambiri imene ikadaphonyedwa mwa odwala otere. Dokotala amene wakhulupirira kuti wapeza matenda m'botolo loyamba lija amasiya kufunafuna, ndipo apa ndi pamene cholowerera chimapha munthu popanda kumudwalitsa.

Kuti timvetse chifukwa chake maola ali ofooka, tiyenera kuona chimene amayeza. Makina amalira tizilombo tikachuluka kufika mamiliyoni ambiri pa mililita, ndipo timafika pamenepo podzigawa pawiri mobwerezabwereza. Botolo loyamba ndi tambiri limafika msanga. Ganizo lonse lagona pakuti matenda enieni amalowetsa tizilombo tambiri kuposa tochepa timene singano imakokolola pakhungu. Koma tawerengani. Kachilombo kakamadzigawa mphindi 30 zilizonse, kugawika kasanu ndi kawiri kumachulukitsa chiwerengero ka 128, ndipo kumatenga maola atatu ndi theka okha. Ndiye kuti botolo loyamba ndi tizilombo 1,000 limatsogola loyamba ndi 10 ndi maola osakwana anayi. Kusiyana kwa maola anayi n'kochepa poyerekeza ndi zinthu zina zimene zimakankha nambalayi. Mtundu wa kachilombo wokha umasiyanitsa kwambiri: *E. coli* ndi *Klebsiella* amalira chapa maola 10 kapena 12, *Candida* angatenge tsiku limodzi mpaka atatu, *Cryptococcus* masiku awiri mpaka anayi, ndipo onsewa ndi enieni. *Bacillus*, amene nthawi zambiri ndi fumbi chabe, ndi wothamanga ndipo angalize makina maola 12 asanakwane. Choncho maola ali ndi tanthauzo pofanizira CoNS ndi CoNS mnzake, osati pofanizira mitundu yosiyana. Ngakhale pakati pa a CoNS, kafukufuku wosiyanasiyana waika malire pa maola 15, 20, 24 kapena 25, ndipo odwala enieni ndi mabotolo odetsedwa amapezeka mbali zonse ziwiri za malire aliwonse.

Kenako pali mtunda. Wotchi ya makina imayamba botolo likalowetsedwa, osati singano ikachoka pamkono, koma tizilombo sitidikira wotchiyo. Malangizo amati botolo lilowe m'makina pasanathe maola awiri, anayi akachulukitsa, ndipo podikira likhale m'chipinda wamba, osati m'firiji. Tiyerekeze kuti magazi atengedwa 8 koloko m'mawa pa chipatala chopanda makina, galimoto yanyamuka masana, yadzera msewu wa Midima, ndipo botolo lalowa 4 koloko madzulo. Mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Mulanje ndi Phalombe, m'galimoto yoima padzuwa mumatentha mofika kapena kuposa m'makina momwe. Aliyense wodziwa thobwa amadziwa kuti losiyidwa pofunda limasasa msanga kuposa la pamthunzi, ngakhale lidaphikidwa mumphika umodzi. Botolo lija likalira patatha maola 14 ndi CoNS, wowerenga mwachangu anena kuti latsika pansi pa 15, ndiye ndi matenda. Chikhalirecho maola enieni ndi 22, ndipo asanu ndi atatu oyambawo, ngakhale titachotsapo nthawi imene tizilombo timayamba tazolowera msuzi, akanatha kuchulukitsa tochepa ta pakhungu kuposa ka 100. Msewu wasandutsa cholowerera kuti chioneke ngati matenda. Kuchedwa kwakukulu kuli ndi choopsa china chosiyana ndi ichi: makina amayang'ana kwambiri liwiro la kusintha kwa mpweya, ndipo botolo limene lamaliza kale kumera panjira lingalowe osalira konse. *S. pneumoniae* ndiye woipa pamenepa, chifukwa akachuluka amadzisungunula yekha, mwakuti pofika pambale palibe chomera.

Zina ziwiri zimakankhira nambala mbali inayo, kuchedwetsa matenda enieni kuti aoneke ngati litsiro. Choyamba ndi mankhwala. Wodwala wofika ku Blantyre kuchokera ku Chambe sakhala wosalawa kanthu: adamwa amokisisilini wogula pagolosale, kapena bakitirimu wa tsiku ndi tsiku amene anthu a HIV amapatsidwa, kapena adabayidwa jakisoni woyamba asanakwere ambulansi, monga mmene malangizo amafunira kwa wodwala kwambiri. Tizilombo totsala timakhala tochepa ndi tofooka, ndipo timamera mochedwa. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa magazi. Botolo la munthu wamkulu limafuna mamililita 8 mpaka 10, chifukwa m'magazi a wamkulu tizilombo timakhala tochepa modabwitsa. Pa taifodi nthawi zambiri kamakhala kamodzi pa mililita, ndipo kalicha imagwira odwala pafupifupi 6 okha mwa 10. Pa mkono wa munthu wouma thupi, namwino wotopa akhoza kupeza mamililita atatu okha. Apa pali kukondera kobisika. Tizilombo ta pakhungu timalowa kamodzi, ndi kachidutswa ka khungu kamene singano yaboola, ndipo chiwerengero chake sichisintha kaya magazi ndi ambiri kaya ochepa. Ta m'magazi timachepa magazi akachepa. Botolo losadzaza, choncho, limaphonya matenda koma cholowerera silichiphonya. Labotale ingadziwe izi popanda kufunsa munthu: kuika botolo pasikelo lisanapite kuwodi ndi pobwera, popeza mililita imodzi ya magazi imalemera pang'ono kuposa galamu imodzi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zovuta zosafunika: makina akalira, perekani mankhwala basi, kuli bwino kuchiza litsiro kusiyana ndi kuika munthu m'manda. Pa tsiku loyamba, wodwala ali kayakaya ndipo dzina silinatuluke, mawu amenewa ndi oona, ndipo palibe dokotala wanzeru amene angamane mankhwala munthu wotsika BP podikira kowagulezi. Koma dzina likatuluka, kupitiriza kuli ndi mtengo wake. A CoNS ambiri a m'zipatala samva sefitiriyakisoni ndi kale, choncho masiku owonjezerawo sachiza ngakhale chimene akuganiziridwa kuti akuchiza. Amene amawamva ndi mabakiteriya a m'matumbo a wodwalayo ndi a pawodi ponse, amene amaphunzira kupirira. Kafukufuku wa ku Gulupu uja adaonetsa kuti *E. coli* wosamva mankhwala a gulu la sefitiriyakisoni adakwera kuchoka pansi pa 1 mwa 100 kufika pa 30 pofika 2016, ndipo *Klebsiella* kuchoka pa 12 kufika pa 90. Onjezerani bedi limene wina akulidikira pansi, kanyula yokhala sabata yathunthu pamkono imene ingalowetse *S. aureus* weniweni, ndi gadiyani amene wasiya munda ku Chambe nthawi yodzala nkumaphika pa chitofu cha makala kuseri kwa wodi.

Kutsutsa kolemera kwambiri kumachokera mbali inayo. Ngati tili ndi mndandanda wa tolowerera, bwanji labotale isamangotaya zonse za pamndandandawo, osavutitsa dokotala? Malabotale otanganidwa amachita pafupifupi zimenezi, ndipo pa odwala ambiri salakwa. Koma pali magulu atatu amene mndandanda umawapweteka. Loyamba ndi makanda obadwa masiku asanakwane, monga a m'chipinda cha Chatinkha ku Gulupu, amene khungu lawo ndi lopyapyala, chitetezo n'chosakhwima, ndipo ali ndi timachubu m'mitsempha. Kwa iwo CoNS angakhale matenda enieni. Lachiwiri ndi aliyense wokhala ndi chipangizo m'thupi: wotsukidwa impso pa makina, wolandira mankhwala a khansa kudzera m'chubu cha mumtsempha waukulu, mwana woikidwa kapaipi kotsitsa madzi a m'mutu. Lachitatu ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa silioneka ndi maso pakhomo la wodi: ana ndi achinyamata amene mavavu a mtima wawo adaonongeka ndi matenda a rumatiki, otsatira zilonda za pakhosi zosachizidwa, amene ndi ofala m'Malawi. Mabakiteriya a m'kamwa otchedwa viridans amaikidwa pamndandanda wa tolowerera m'malabotale ambiri, pamene m'kafukufuku wa a Weinstein adali enieni pa 38 mwa 100. Mtsikana wa zaka 14 wa ku Chambe amene watentha thupi mwezi wathunthu, akupuma mobanika, mtima uli ndi phokoso, ndipo botolo lake lamera viridans pa maola 20, ali ndi matenda a mavavu mpaka zitatsimikizika kuti alibe. Maola 20 sanena kanthu apa. Chofunika ndi mabotolo ena awiri kapena atatu otengedwa pa nthawi zosiyana, popeza matenda a mavavu amathira tizilombo m'magazi mosalekeza ndipo timatuluka m'botolo lililonse, ndiponso kumuunika mtima. Akatsimikizika, mankhwala ake ndi a sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi. Wa mu labotale sangadziwe za mtsikanayu ngati pafomu palembedwa mawu amodzi okha akuti kutentha thupi.

Apa pakuyankhikanso dandaulo la ndalama. N'zoona kuti dziko lino silingakwanitse mabotolo anayi kwa wodwala aliyense. Koma silikufunika kutero. Botolo lachiwiri silionjezera kanthu kwa amene loyamba lamera *Salmonella* Typhi. Limagula chidziwitso chachikulu kwa ochepa amene dzina ndi lokayikitsa koma thupi lili ndi chifukwa: phokoso mumtima, chubu, chitsulo, ukhanda. Anthu otere amadziwika pa tsiku logonekedwa, mankhwala asanayambe, ndipo ndi pamene mabotolo awiriwo amayenera kutengedwa, pamikono iwiri. Kwa wa chubu cha mumtsempha waukulu, maola amapezanso ntchito imene amaigwira bwino koposa. Magazi ofanana muyezo amatengedwa nthawi imodzi, ena kudzera m'chubu, ena pamtsempha wa padzanja, nkulowa m'makina limodzi. Onse akamera kachilombo kamodzi koma la m'chubu nkutsogola ndi maola awiri kapena kuposa, gwero ndi chubucho. Muyezo umenewu ndi wodalirikako chifukwa zonse zosokoneza zija, mtundu wa kachilombo, mankhwala, kutentha kwa m'galimoto, zagwera mabotolo onse awiri mofanana, ndipo chotsala ndi kusiyana kwa kuchuluka kokha. Ngakhale pamenepa, pa *S. aureus* ndi *Candida* madokotala sadikira masamu, chubu chimachotsedwa.

Ntchito ina yabwino ya maola ndi pamene botolo lakhala chete. Mabakiteriya oopsa ambiri, pafupifupi 9 mwa 10, amaliza makina m'maola 24 oyamba, ndipo pofika 48 otsala amakhala ochepa kwambiri. N'chifukwa chake m'zipinda za makanda m'mayiko ambiri, mwana amene adayambitsidwa mankhwala pongomukayikira, akuyamwa bwino, ndipo botolo lake lakwana maola 36 mpaka 48 osamera, amasiyitsidwa jakisoni. Izi zimagwira ngati magazi adali okwanira, osachepera mililita imodzi kwa khanda, ndipo adatengedwa mankhwala asanayambe. Sizigwira kwa mnyamata wa sabata ziwiri za kutentha thupi ndi kupweteka m'mimba amene adamwa kale mankhwala kwawo; botolo lake lopanda kanthu silichotsa taifodi.

Zonsezi zikusonyeza kuti luso lotanthauzira lili ndi malire, ndipo gawo lalikulu la yankho lili pa mphindi ziwiri za pabedi. Khungu limatikitidwa ndi sipiriti wa 70 pa 100, kapena kulolohekisidini wosakaniza ndi sipiriti, kwa masekondi 30, kenako nkulisiya liume lokha kwa masekondi enanso 30, chifukwa kuumako ndi kumene kumapha tizilombo. Ayodini wamba amafuna pafupifupi mphindi ziwiri. Cholakwika chofala n'chodziwika kwa aliyense amene adayang'anapo ntchitoyi: khungu latsukidwa, mtsempha wasowa, chala nkubwereranso pamalo pomwepo kukaufufuza. Chivindikiro cha labala cha botolo sichikhala choyera pansi pa kapulasitiki kake ndipo chimafuna kupukutidwa nachonso. Botolo la kalicha limadzazidwa loyamba, timachubu ta mayeso ena pambuyo, ndipo magazi satengedwa m'kanyula imene yagona kale pamkono. Thonje loviikidwiratu m'sipiriti m'chitini chosatseka, limene limakhala pa tebulo la mankhwala sabata yonse, ndi gwero lodziwika la *Bacillus*, chifukwa njere zake sizifa ndi sipiriti. Wodi imene mabotolo ake akungomera *Bacillus* motsatizana iyambe yayang'ana m'chitinimo. Kenako pafomu palembedwe zinthu zinayi zimene sizidya ndalama: ola limene magazi atengedwa, malo ake pathupi, mankhwala amene wodwala walandira kale, ndi ngati ali ndi chubu, chitsulo kapena mtima wa phokoso. Labotale nayo ilembe pa zotsatira ola lolowetsera ndi maola olirira, osati dzina lokha, ndipo mwezi uliwonse iwerengere wodi iliyonse kuti mwa mabotolo 100 amene idatumiza, angati adamera nzika za pakhungu.

Wodwala wa ku Chambe akatulutsidwa, pepala limatsala ku Blantyre koma buku lake la kuchipatala limabwerera naye, ndipo amene adzaliwerenge ndi kiliniko wa pa boma kapena wothandiza dokotala wa pa chipatala chaching'ono, amene alibe njira yofunsira makina. Mawu akuti kalicha idamera, opanda dzina, amamusiya ndi mantha okhaokha, ndipo wodwalayo adzapatsidwa mankhwala amphamvu nthawi iliyonse akatentha thupi. M'bukumo muyenera kulembedwa dzina la kachilombo, mabotolo angati mwa angati, ndi chigamulo cha amene adamuona. Ngati ndi CoNS wolowerera, zinenedwe momveka kuti safuna mankhwala. Ngati ndi *Salmonella* Typhimurium mwa munthu wa HIV, palembedwe kuti matendawa amakonda kubwerera, makamaka ma ARV akapanda kumwedwa. Ngati ndi *S. aureus*, palembedwe tsiku limene kalicha yobwereza, yotengedwa patatha masiku awiri kapena atatu a mankhwala, idatuluka yopanda kanthu, chifukwa masiku 14 a jakisoni, amene ndi ocheperatu kwa kachilombo kameneka, amawerengedwa kuyambira tsiku limenelo, osati tsiku limene adagonekedwa.